Kalata Imene Wopanga Webusayiti Ayenera Kukusiyirani

Tsiku limene webusayiti yatha kupangidwa, aliyense amakhala ndi nkhope yowala. Mwini bizinesi amaitsegula pafoni, amaona zithunzi za malo ake zili bwinobwino, n'kulipira ndalama yotsala. Mnyamata amene wagwira ntchitoyo amapinda laputopu yake n'kupita kukasaka ganyu wina, poti iye sali pa ntchito ya munthu aliyense. Zinthu zimayenda ndithu mpaka miyezi 12 itakwana. Kenako m'mawa wina kasitomala amaimba foni kunena kuti webusayiti sikutseguka ndiponso imelo imene anatumiza yabwerera. Mwini bizinesi akati aimbire mnyamata uja amapeza kuti nambala sikupezeka. Mwina anapita ku Joni, mwina anapeza ntchito ya mu ofesi, mwinanso foni inangobedwa m'minibasi.

Nthawi zambiri palibe amene anaba kapena kuwononga kanthu. Chimene chinasowa ndi kalata ya masamba awiri kapena atatu, imene wopanga webusayiti amayenera kulemba pa tsiku lopereka ntchito. Kalatayo imayankha mafunso atatu: tilowera pati, tilipira chiyani ndipo liti, nanga zofunika kukonzedwa nthawi ndi nthawi azikonza ndani.

Tiyerekeze ndi mayi wina amene ali ndi malo ogona alendo kunyanja, ku Senga Bay. Wamupangira webusayiti ndi mnyamata wa ku Lilongwe, pogwiritsa ntchito WordPress, pulogalamu imene mawebusayiti ambirimbiri padziko lapansi amayendera. Dzina la webusayitiyo tinene kuti ndi example.com, limene ndi dzina losungidwira zitsanzo basi.

Makomo atatu, osati limodzi

Mayiwa akaiona webusayiti yawo amaona chinthu chimodzi. Komatu pali zinthu zitatu zosiyana, chilichonse chili ndi polowera pake, ndipo kawirikawiri chilichonse chili kukampani yakeyake.

Choyamba ndi domeni, dzina lija anthu amalemba akafuna kufika pa webusayiti. Dzinali siligulidwa mpaka kalekale, limabwerekedwa kwa chaka chimodzi kapena zingapo, ndipo la .com silingalipiriridwe zaka zoposa 10 nthawi imodzi. Chachiwiri ndi hositingi, kutanthauza malo pa kompyuta yaikulu yotchedwa seva, imene imakhala yoyaka usiku ndi usana. Pamenepo ndi pamene pamakhala zithunzi, masamba, ndiponso nthawi zambiri maimelo a bizinesi. Makampani ambiri a hositingi amakupatsani polowera potchedwa cPanel. Chachitatu ndi WordPress yeniyeniyo, momwe mumalowa mukafuna kusintha mtengo wa chipinda kapena kuika chithunzi chatsopano. Polowera pake ndi dzina la webusayiti lotsatana ndi /wp-admin.

Opanga mawebusayiti ambiri amapereka khomo lachitatu lokhali, ndipo kasitomala amapita kwawo akuganiza kuti walandira zonse. Ndi ngati munthu amene wapatsidwa makiyi a nyumba koma mapepala a puloti ali m'dzina la mmisiri amene anaimanga. Mwa zitatuzi, cholemera kwambiri ndi domeni. Masamba akafufutika angalembedwenso, hositingi ikavuta mungasamukire kwina m'masiku ochepa. Koma dzina limene linasindikizidwa pa chikwangwani cha kumsewu, pa makhadi, pa malisiti ndi pa galimoto ya kampani, likapita m'manja mwa wina, zonsezo zasanduka zolozera anthu kwa eni ake atsopano.

N'chifukwa chake ndime yoyamba ya kalata yabwino imanena mosazungulira kuti domeni inalembetsedwa kukampani iti, mu akaunti ya ndani, ndipo pa mzere wa Registrant palembedwa dzina la ndani. Mzere umenewu ndiwo umasonyeza mwini wa dzinalo. Achinyamata ambiri amalembetsa madomeni a makasitomala awo onse mu akaunti yawo imodzi, osati ndi mtima woipa, koma chifukwa ndi iwo amene ali ndi khadi la kubanki lotha kulipira kunja, ndipo tsiku loyambalo aliyense amakhala pa changu. Ineyo ndimaona kuti zimenezi n'zomveka pa nthawi yomanga, koma n'zosaloleka ntchito ikatha. Mnyamatayo akadwala, akasamuka, kapena mukangosemphana mawu pa nkhani ya malipiro, kampani yolembetsa madomeni imamvera amene ali mu mabuku ake, osati amene ali ndi chikwangwani.

Njira yosavuta ndi yoti mayi aja atsegule akaunti yawoyawo kukampani yomweyo, mnyamatayo n'kuwakankhira domeni. Akafuna kusamukira kukampani ina, pamafunika nambala yachinsinsi yosamutsira, imene pa sikirini imalembedwa Auth Code kapena EPP Code, ndipo loko wa domeni amayenera kuchotsedwa kaye. Pano pali lamulo limene limadabwitsa anthu: domeni ya .com kapena .org imene yangolembetsedwa kumene, kapena yangosamutsidwa kumene, imatha kukanizidwa kusamukanso mpaka patapita masiku 60. Kusintha dzina kapena imelo ya Registrant nakonso kumatha kuika loko wa masiku 60. Ngati ntchito yaperekedwa lokoyu asanamasuke, kalata inene tsiku limene amasuke ndi amene adzamalize kusamutsako.

Zolowera

Gawo la zolowera m'kalata ya mnyamata wathu lingamveke chonchi:

"Mayi, zolowera zanu zilipo zitatu ndipo zonse zili m'dzina la bizinesi yanu. Pa tsamba lotsatirali ndalemba adiresi ya polowera paliponse ndi dzina lolowera. Mapasiwedi sindinawalembe muno. Tidzawasintha limodzi Lachisanu ndikabwera, inuyo n'kusankha anu amene ine sindidzawadziwa. Mu WordPress ndakutsegulirani akaunti ya Administrator. Mtsikana wanu wa pa risepushoni ndamutsegulira ya Editor, yoti azisinthira mitengo ndi zithunzi koma sangafufute mapulagini. Akaunti yanga ndaisiya kwa masiku 30 kuti ndizikonza zimene zingatulukire, ndipo pambuyo pake muifufute pa Users."

Pali nzeru zingapo m'ndime yaifupiyi. Kalata imasindikizidwa, imaikidwa mu fayilo, imatumizidwa pa WhatsApp kwa akauntanti ndi kwa mwana wa mwini bizinesi. Pasiwedi yolembedwa mmenemo imayenda nawo ulendo wonsewo. Komanso munthu aliyense akhale ndi akaunti yakeyake. WordPress ili ndi maudindo asanu: Administrator, Editor, Author, Contributor ndi Subscriber. Wantchito akasiya ntchito mumangofufuta akaunti yake, ndipo WordPress imakufunsani kuti zimene analemba zipite m'dzina la ndani. Onse akamalowera pa akaunti imodzi ya Administrator, simungadziwe amene wasintha chinthu, ndipo wochotsedwa ntchito amachoka ndi khomo lotsegula.

Chimene chimaiwalika kwambiri ndi imelo imene maakauntiwa amangiriridwako. Aliyense amene ali ndi imelo imeneyo angathe kudina Forgot password n'kulanda akaunti yonse, ngakhale pasiwedi mutaisintha kakhumi. Tsono kalata inene imelo imene yalembedwa kukampani ya domeni, ku hositingi, ndi mu WordPress pa Settings, General, pa mzere wa Administration Email Address. Pamalo omalizawa nthawi zambiri pamatsalira imelo ya wopanga webusayiti, pamene uthenga wa mavuto umapita komweko.

Ndiye pali msampha wina umene ngakhale odziwa amagweramo. Mayi aja ali ndi imelo yokongola ya info@example.com, ndipo n'zachibadwa kufuna kuilemba paliponse. Koma imelo imeneyi moyo wake uli pa domeni yomweyo. Domeni ikatha, imelo nayo imaleka kulandira, ndipo uthenga wochenjeza komanso linki yosinthira pasiwedi zimapita kubokosi limene latsekeka. Akaunti ya domeni imangiriridwe ku imelo ya kwina, monga ya Gmail, imene mwini bizinesi amaitsegula kawirikawiri. Imelo ya Registrant ikasinthidwa, kampani imatumiza uthenga woti mutsimikize, ndipo mukapanda kudina m'masiku 15 domeni imaimitsidwa ngakhale munalipira zonse. Anthu ambiri uthengawu amauona ngati wa akathyali n'kuufufuta.

Ngati akaunti ili ndi chitetezo chachiwiri, chija chotumiza nambala pafoni polowa, kalata inene kuti nambalayo imapita pa foni ya ndani. Makampani ambiri amaperekanso manambala apadera olowera foni ikatayika. Amenewo asindikizidwe n'kusungidwa pamodzi ndi mapepala a kubanki.

Masiku olipira

Gawo ili liyenera kukhala ndi madeti enieni, osati mawu oti "chaka chamawa". Pa chinthu chilichonse palembedwe tsiku lothera, mtengo wake m'ndalama imene kampaniyo imalandira, khadi limene lalembetsedwa, ndi ngati kulipira kodzichitikira kokha, Auto-renew, n'koyatsa.

Tiyeni titsate domeni ya mayi aja ngati palibe amene walipira. Tinene kuti ikutha pa 14 Malichi. Malamulo a bungwe la ICANN, limene limayang'anira mayina monga .com ndi .org, amalamula kampani yolembetsa kutumiza chikumbutso kutatsala pafupifupi mwezi, china kutatsala pafupifupi sabata, ndi china m'masiku asanu domeni itatha. Zonsezi zimapita ku imelo ija tanena. Pa 14 Malichi pakadutsa, posakhalitsa webusayiti imazimiririka. Alendo amaona tsamba la malonda a kampani yolembetsa, kapena uthenga wa DNS_PROBE_FINISHED_NXDOMAIN pa Chrome. Apa zinthu zikadali zopepuka, chifukwa pamakhala nthawi yachisomo imene mungalipire pa mtengo wa nthawi zonse. Nthawiyi siipitirira masiku 45, ndipo kampani iliyonse imaika yake, ina yaifupi kwambiri.

Tinene kuti kampani ya mayiwa imadikira masiku 30. Pa 13 Epulo domeni imalowa m'gawo lotchedwa redemptionPeriod, la masiku enanso 30. Ingawomboledwebe, koma ndi chindapusa chimene chimaposa mtengo wa pachaka kangapo. Domeni ya .com kumakampani ambiri imakhala pakati pa madola 10 ndi 20 pachaka, ndiye munthu amene anazengereza pa kandalama kameneka amapezeka akusaka madola ambirimbiri mwadzidzidzi. Pa 13 Meyi imalowa mu pendingDelete, masiku asanu amene palibe angachitepo kanthu, ngakhale kampani yolembetsa. Pa 18 Meyi dzina lija limamasulidwa kwa aliyense padziko lapansi. Pali makampani amene ntchito yawo ndi kudikirira mayina otere ndi makompyuta, n'kuwatola m'kamphindi komwe amasulidwa, kuti adzawagulitse modula kapena aikepo malonda a juga. Kuchokera pa 14 Malichi kufika pamenepa ndi masiku 65 okha.

Musaganize kuti izi zimagwera ang'onoang'ono okha. Mu Disembala 1999 kampani ya Microsoft sinalipire dzina la passport.com, limene anthu ankalowera mu Hotmail, ndipo ambiri analephera kutsegula maimelo awo pa Khirisimasi. Katswiri wina wa makompyuta wa ku America, Michael Chaney, amene sankagwira ntchito kukampaniyo n'komwe, analipira madola 35 ndi khadi lake kuti zinthu zibwerere mwakale.

Madomeni a mayiko, monga .mw, .zm kapena .co.za, sayendera masiku tawerengawa. Lililonse lili ndi malamulo a kaundula wa dziko lake, choncho kalata ilembe zimene kaundulayo amachita tsiku lolipira likadutsa.

Auto-renew imathandiza, koma kuidalira yokha n'kudzinamiza. Makhadi a kubanki ali ndi tsiku lothera, ndipo khadi latsopano likabwera palibe amene amakumbukira kukalisintha kukampani ya domeni. Kuno kwathu palinso vuto la ndalama zakunja: khadi limatha kukanidwa pa malipiro a madola ngakhale mu akaunti muli makwacha okwanira. Mitengo nayo siikhala malo amodzi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Hositingi ya madola 100 pachaka, imene inali K118,000, inasanduka K170,000 usiku umodzi. Amene anasunga ndalama poyang'ana lisiti ya chaka chatha anaperewedwa. Ichi n'chifukwa chake mtengo ulembedwe m'madola ngati umalipidwa m'madola. Ndipo wopanga webusayiti woona mtima amanenanso ngati mtengo wa chaka choyamba unali wotsitsidwa pokopa makasitomala, chifukwa wa chaka chachiwiri nthawi zambiri umakwera.

Langizo langa ndi loti domeni ilipiridwe zaka ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi ndalama zikapezeka, ndipo pa kalendala ya foni paikidwe chikumbutso mwezi umodzi tsiku lisanafike. Kulipira msanga sikutayitsa masiku, chaka chatsopano chimangowonjezedwa pa tsiku lothera lakale. Tsikulo mungalione nokha osafunsa munthu. Pitani pa lookup.icann.org, lembani dzina la domeni, muona kampani imene inalembetsa ndi tsiku lothera. Dzina la mwini nthawi zambiri limabisidwa pamenepo, limenelo mukalione mkati mwa akaunti.

Hositingi ili ndi tsiku lakelake, ndipo nthawi zina silifanana ndi la domeni. Ikapanda kulipidwa akaunti imaimitsidwa, ndipo pakapita nthawi imene kampaniyo inaika, mafayilo ndi maimelo onse amafufutidwa. Satifiketi ya chitetezo, imene imachititsa adiresi kuyamba ndi https, masiku ano kawirikawiri imakhala yaulere ya Let's Encrypt, ya miyezi itatu kapena kucheperapo, ndipo seva imaikonzanso yokha. Mukaona Your connection is not private, kukonzako kwalephereka, uzani a hositingi. Chomaliza pa ndandanda ndi malayisensi a mapulagini olipira. Opanga mawebusayiti ambiri amagwiritsa ntchito layisensi yawo imodzi pa makasitomala onse. Palibe cholakwika, bola anene, chifukwa tsiku limene iye adzasiye kulipira, pulagini yosungitsira zipinda ya mayi aja idzaleka kulandira zokonza.

Zokonza za mwezi ndi mwezi

Webusayiti ya WordPress imayenda ndi zinthu zitatu zimene eni ake amazikonza nthawi zonse: WordPress yokha, thimu imene imapereka maonekedwe, ndi mapulagini amene amawonjezera zinthu monga fomu yolemberana ndi alendo. Bowo la chitetezo likapezeka mu pulagini, eni ake amatulutsa mtundu watsopano, ndipo akuba a pa intaneti nawo amamva. Makompyuta awo amayendayenda kusaka mawebusayiti amene sanasinthe. Sasankha kuti uyu ndi wamkulu kapena wamng'ono, ndipo webusayiti ya malo ogona a zipinda zisanu ndi chimodzi imawakwanira kutumizira maimelo achinyengo.

Kuyambira 2013 WordPress imadziikira yokha zokonza zing'onozing'ono za chitetezo, ndipo kuyambira 2020 mungayatse Enable auto-updates pa pulagini iliyonse. Kalata inene kuti ndi ati amene ayatsidwa. Otsalawo amafuna munthu, kamodzi pamwezi. Ndondomeko yake siyovuta koma siyenera kudumphidwa. Muyambe ndi bakapu, ndipo bakapu yathunthu ili ndi zigawo ziwiri, mafayilo ndi detabesi, momwe mumakhala mawu onse a masamba. Kenako pa Dashboard, Updates, musinthe pulagini imodzi, mutsegule webusayiti pafoni, muone ngati ili bwino, ndiyeno mupite ku ina. Mukadina zonse nthawi imodzi chinthu n'kusweka, simudziwa cholakwa ndi chiti. Pomaliza mudzitumizire uthenga pa fomu ija. Fomu ikafa siichita phokoso, imangoleka kutumiza, ndipo mwini malo amadandaula kuti alendo achepa chaka chino pamene mauthenga awo akuthera m'njira. Ntchito imeneyi siya Lachisanu madzulo, kapena nthawi imene magetsi ndi netiweki zikuvutavuta.

Pali mauthenga awiri amene amaopsa anthu, ndipo kalata yabwino imawatchula. Woyamba ndi Briefly unavailable for scheduled maintenance. Umatuluka pamene WordPress ikusintha zinthu, ndipo umakakamira kusinthako kukadukira panjira. Dikirani mphindi 10, nthawi zambiri umachoka wokha. Ukapanda kuchoka, mu File Manager wa cPanel muli kafayilo kobisika kotchedwa .maintenance, kamene kakafufutidwa webusayiti imabwerera. Wachiwiri ndi There has been a critical error on this website. Apa pulagini kapena thimu yasemphana ndi zinzake. Kuyambira 2019 WordPress imatumiza imelo yotchula pulagini yolakwayo, ndi linki yolowera mwapadera kuti muizimitse. Imeloyo imapita ku Administration Email Address ija, ndipo ngati pakadali imelo ya mnyamata amene ali ku Joni, mayi aja sadzaiona.

Za bakapu, kalata iyankhe kuti imapangidwa kangati, imasungidwa kuti, ndipo anayesapo kuibwezeretsa liti. Bakapu yokhala pa seva yomweyo imafufutika limodzi ndi webusayiti hositingi ikatha. Kope imodzi ikhale kwina, pa Google Drive ya bizinesi kapena pa fulashi mu ofesi.

Ndime yomaliza ya kalata ndi imene imapewetsa mikangano. Mnyamatayo alembe zimene adzakonze mwaulere ndi kwa masiku angati, mtengo wake ngati mayi akufuna kuti iye azisamalira webusayiti mwezi ndi mwezi, ndi zimene sizili m'manja mwake, monga kulipira domeni. Ambiri amachita manyazi kulemba za ndalama kwa munthu wamkulu, ndiye amangoti "musadandaule mayi, ndizikuthandizani". Mawu amenewa mayi amawamva ngati lonjezo la zaka zonse, pamene mnyamatayo amatanthauza sabata ziwiri.

Kalata ikafika, musathamangire kulipira ndalama yotsala. Khalani pansi ndi wopangayo, pa kompyuta kapena foni yanu osati yake, mulowe nokha m'makomo onse atatu iye akungoyang'ana. Kukampani ya domeni tsegulani pamene pali Registrant muwerenge dzina ndi imelo. Dinani Forgot password kamodzi muone ngati uthenga ukubwera kwa inu. Sinthani mtengo wa chipinda chimodzi n'kuubwezeretsa. Zonsezi sizitenga ola limodzi, ndipo polowera pamene pakane kutseguka padziwike tsiku lomwelo, amene angapakonze akadali pa mpando moyang'anizana nanu.